5/7 si tsiku la pakalendala

Ku Mtengowanthenga, mayi wina anajambula tsamba la buku lake la kuchipatala n'kutumizira mwana wake ku Lilongwe pa WhatsApp kuti amumasulire. Atakumbukira kuti dzina ndi matenda ake zikuonekera, chithunzicho anachifufuta. Mdzukulu ndiye analembanso mizere yofunika, koma pofika pa "tds 5/7" anadziyesa wanzeru, nalemba "5 Julaye". Zikanavuta! Kwa azachipatala, tds ndi katatu patsiku, 5/7 ndi masiku asanu. Ikanakhala 2/52, ndiye masabata awiri. Mwanayo anadabwa kuona Julaye m'nyengo ya dzinja, naimba foni. Wokopera azilemba chilembo ndi chilembo monga chaonekera, pamene sipakuwerengeka anene kuti sipakuwerengeka, kumasulirako asiyire wodziwa.

— Mlembi wa ku Dowa