Mwambi si ndiwo zothira pamwamba

Ndakhala ndikudziletsa kulemba izi chifukwa amene ndikuwadzudzula ndi anzanga, ndipo tchimo lake nanenso ndinalichita. Koma zandikwana. Alakatuli anzanga, tiyeni tisiye kumata miyambi kumapeto kwa ndakatulo ngati sitampa ya amfumu pa kalata.

Chimene chandiyankhulitsa ndi ichi. Tsiku lina madzulo, pa msonkhano wa ndakatulo mu Blantyre muno, mnyamata wina analakatula za namondwe wa Freddy, uja anatigwera mu Malichi 2023 n'kupha anthu oposa 1,000. Mawu anali nawo, mpweya anali nawo. Anatchula Chilobwe, anatchula phiri la Soche, anatchula Phalombe. Pofika kumapeto anakweza dzanja, nadikira kuti chipinda chikhale zii, n'kutseka ndi mawu akuti: walira mvula, walira matope. Anthu anawomba m'manja, ena mpaka likhweru. Ine m'mimba munangoti thibu.

Tamverani chimene mwambiwu umanena. Umauza munthu kuti chimene unachifuna chabwera ndi mavuto ake, ndiye usadandaule. Ndi mwambi wouza mnyamata amene anaumirira ukwati lero akudandaula za mtengo wa ufa, kapena wolimbirana udindo amene wayamba kudana ndi misonkhano. Mkati mwake muli chala choloza: unazifuna wekha. Tsono chala chimenecho mnyamata uja anachilozetsa kwa yani? Kwa anthu amene anakwiririka ali m'tulo? Sanafune kunyoza, ndikudziwa. Anangoona kuti m'ndakatulo yake muli mvula ndi matope, m'mwambinso muli mvula ndi matope, basi n'kulumikiza. Anamva mawu a mwambiwo, chigamulo chake osachimva.

Ndikuti chigamulo chifukwa ndiyo ntchito imene mwambi umagwira kwawo. Pabwalo la milandu, pa chinkhoswe, pa mwambo wa maliro, mkulu amaponya mwambi nkhani ikapsa, ndipo ukagwa anthu amagwedeza mitu, mkangano watha. Mwambi umatseka pakamwa. Ndakatulo yabwino imafuna womvera apite kwawo nkhani ikumutafunabe. Ndiye ukaika mwambi wathunthu pa mzere womaliza, wadzitsekera wekha chitseko chimene unavutika kutsegula m'ndime zonse zija. M'manja muja anthu akuwombera makolo amene anaupeka mwambiwo, iwe wangokhala wonyamula chikwama.

Chizolowezichi tinachitenga kusukulu. Tinaloweza miyambi ya m'buku la Kumakanga la Nzeru za Kale ngati mndandanda wa katundu: mwambi uku, tanthauzo uku. Pa mayeso ankati malizitsani mwambi uwu, perekani tanthauzo la mwambi uwu, ndipo aphunzitsi ankati chimangirizo chokhala ndi miyambi chimakwera malikisi. Sitinkafunsidwa kuti mwambiwu anganene ndani, kwa yani, ndipo wouzidwayo amva bwanji. Tinakula tikuyesa kuti mwambi ndi umboni wakuti munthu amachidziwa Chichewa.

Ndanena kuti nanenso ndinachimwa. Azakhali anga amakhala ku Phalombe, m'munsi mwa phiri. Nyumba yawo inapita usiku umodzi, pamodzi ndi mbuzi ndi munda. Iwo anapulumuka. Ena oyandikana nawo sanapezeke mpaka lero. Nditamva, ndili m'tauni muno, ndinalemba izi:

Namondwe wadza ndi ukali,
nyumba zagwa, minda yakokoloka.
Amalawi tilimbe mtima,
pakuti walira mvula walira matope.

Yesani kufufuta mzere wachinayiwo. Chatayika n'chiyani? Palibe. Ikanipo mwambi wina uliwonse wa chipiriro kapena wa umodzi, ndimeyo ikhalabe chimodzimodzi. Mayeso ake ndi amenewo: ngati mwambi ungachotsedwe, kapena kusinthanitsidwa ndi unzake, ndakatulo osagwa, ndiye kuti unali mkanda wa m'khosi. Onaninso kamawu kakuti "pakuti". Mukaona "pakuti", "paja akulu anati", "n'chifukwa chake amati" patsogolo pa mwambi, dziwani kuti mlakatuli watopa, waitana agogo kuti amumalizire.

Patapita masabata angapo ndinapita kukawaona azakhali. Ndinawapeza akukumba ndi khasu pamene panali khitchini yawo. Anali atatulutsa mphika umodzi ndi nsapato ya mwana, yosakhala ya pakhomo pawo. Ndinasowa chonena, ndinangoti, "Pepani zakhali." Anatsamira mpini wa khasu nati, "Nanga si tinalira mvula, mwanangu." Anathera pomwepo. Theka linalo sanalinene, ndipo sindikanalola munthu wina aliyense kuti awamalizire.

Pobwerera mu minibasi ndi pamene ndinamva zimene azakhali anachita ndi mwambi uja, zinthu zitatu m'mawu asanu.

Choyamba, anasintha mwini wake. "Walira" ndi mawu onenera wina, iwe kapena iye, ndipo woyankhulayo amakhala pouma. Iwo anati "tinalira". Chala chija chinatembenuka n'kuloza pachifuwa pawo. Mwambi womwewo, umene pakamwa pa mnyamata wa pa siteji unali chipongwe, pakamwa pawo unasanduka funso lowawa: kodi tinalakwa kupempha? Choncho usanaulowetse mwambi m'ndakatulo, dziwa amene akuunena ndi chimene wataya. Mwambi wopanda mwini umakhala wa mlakatuli, ndipo mlakatuli amaoneka ngati woweruza.

Chachiwiri, anaudula pakati. Mwambiwu uli ndi miyendo iwiri yofanana, "walira" uku "walira" uku, ndipo khutu la Mmalawi aliyense likamva mwendo woyamba limaponda lokha wachiwiri. Apa ndi pamene pali phindu lenileni la mwambi wotchuka. Sufunika kuunena wonse, chifukwa theka lake lili kale m'mutu mwa womvera. Ukalisiya, womvera amalinena yekha mumtima, ndipo akalinena amadzimva kuti wanena chinthu chankhanza.

Chachitatu, ndi chimene chinandigwira kwambiri. M'mwambi, mvula ndi matope ndi zifanizo chabe, zimaimira ukwati, udindo, ngongole. Pamene panaima azakhali, matope anali matope enieni, ofika m'mawondo. Ndipo mneni uja "kulira" ali ndi nkhope ziwiri. Timalira chinthu pochifuna, monga mwana alirira bere. Timaliranso maliro. Mwambi umagwiritsa nkhope yoyamba yokha. Yachiwiriyo inali chigonere m'mawu omwewo zaka zonsezi, kudikira tsiku ngati limeneli.

Ndinang'amba ndime ija n'kuyambiranso. Imene ndili nayo tsopano ndi iyi:

Mu Novembala munaima pakhonde, zakhali,
mbewu m'chitenje, maso kuphiri,
munalira mvula monga alirira onse.

Inabwera. Chimanga chinamasula, chinabereka.
Kenako phiri linatsika usiku,
linalowa m'nyumba osaodira.

Lero khasu lomwe lija
likulima pamene panali khitchini.
Mwakolola mphika,
mwakolola nsapato imodzi ya mwana wa eni,
ndipo mukulira.
Wina asamalize.

Sindikuti ndi ndakatulo yoposa zonse, ayi. Ndikufuna muone pamene mwambi wakhala. Theka loyamba lili pa mzere wachitatu, lasungunuka m'chiganizo wamba, mu nthawi yakale, ndi ulemu woyenera azakhali: "munalira". Ndawonjezapo "monga alirira onse" kuti mlandu uchoke pa iwo, chifukwa palibe mlimi amene salira mvula mu Novembala. Kenako mwambi ukusowa kwa mizere isanu ndi iwiri, koma womvera akuusenzabe, akudikira kuti matope atchulidwa liti. Satchulidwa. Mawu akuti "matope" mulibe m'ndakatulo yonseyi, chikhalirecho ndi matope okhaokha kuyambira pamene phiri latsika. "Kulira" kukubwereranso kumapeto kutavala nkhope ina ija. Mzere womaliza ukuletsa womvera kuchita chimene lilime lake layamba kale kuchita. Tsono yesani mayeso aja: chotsani mwambiwo. "Wina asamalize" sakutanthauzanso kanthu, "mukulira" wasanduka misozi wamba. Nyumba yagwa, chifukwa mwachotsa mzati.

Ndikudziwa zimene ena anene. Mkulu wina amene ndimamulemekeza anandiuza kuti, "Iwe, mwambi sadula, ukuwononga chuma cha makolo." Ndinawayankha kuti, "Bambo, amene anaudula ndi azakhali, ndipo sukulu sanapite nayo patali." Kumudzi akulu amadula miyambi tsiku ndi tsiku. Amangoti "chaona mnzako…" n'kusiya, onse amva. Amene amanena mwambi wonse mpaka kumchira, n'kuwonjezapo tanthauzo, ndi ife ophunzira. Chuma chimene chikuwonongeka ndi chija timachitulutsa pa chikondwerero chokha ngati mbale za alendo.

Ena ati pa siteji ndi pa wailesi anthu amafuna mwambi wathunthu kuti avomereze. Zoona, ndipo kuvomerezana kwa mlakatuli ndi anthu ndi mwambo wathu, sindikukana. Pa ndakatulo yachisangalalo kapena yanthabwala, aponyereni theka, iwo akubwezereni linalo, zikoma. Koma dziwa chimene ukuwavomerezetsa. Usiku uja chipinda chonse chinavomera kuti anthu a ku Chilobwe anazifuna okha, ndipo palibe anazindikira.

Njirayi ili ndi malire ake, ndisakunamizeni. Imagwira ndi mwambi umene aliyense amaudziwa. Ukadula mwambi wosowa, umene unaupeza pa tsamba lina la buku, womvera sadziwa kuti pali chimene chasiyidwa, amangoona mzere wolumala. Komanso si mwambi uliwonse uli ndi mawu a nkhope ziwiri ngati "kulira", ndipo ukachita kukakamiza zimatuluka nthabwala za pa bawo. Nthawi zina mwambi umayenera kulowa wathunthu, koma ulowe koyambirira kapena pakati, pakamwa pa munthu wina wa m'ndakatulomo, kuti mizere yotsatira ikhale ndi mpata wouyankha, kuutsutsa, kapena kuonetsa mtengo umene munthu amalipira pouvomera. Ndipo ndakatulo zambiri sizifuna mwambi n'komwe. Siukhala Mchewa wochepa chifukwa walemba ndime yopanda "akulu anati".

Ndakatulo ija ndinakawawerengera azakhali pa Khirisimasi, tili pakhonde la nyumba ya msuweni wanga kumene akukhala tsopano. Anamvetsera mpaka kumapeto, nakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Mphikawo unali wa nyemba, ukanalemba." Ndinalonjeza kuti ndikonza, ndipo ndikuganizabe poulowetsa.