Tsiku la Mafunso a Ntchito Likagundana ndi Mayeso

Tiyerekeze kuti mtsikana wa kuno ku Bundabunda waitanidwa ku Lusaka Lachiwiri kuti akayankhe mafunso a ntchito, koma tsiku lomwelo ali ndi pepala la masamu la GCE. Bungwe la mayeso silisuntha tsiku chifukwa cha munthu mmodzi. Wolemba ntchito angathe kutero.

Ambiri a ife timangokhala chete mpaka Lolemba madzulo, poopa kuoneka amwano. Kuchedwako ndiko kumaononga mbiri, pakuti anthu ofunsa amakhala atakonza kale nthawi yao. Mtsikanayo aimbe foni tsiku lomwe walandira uthenga, kenaka atumize mau olembedwa kuti pakhale umboni. Anene motere:

"Zikomo pondiitana. Lachiwiri ndikulemba mayeso a GCE, amene tsiku lake sindingathe kulisintha, ndipo ndakutumizirani ndandanda yake. Ndingafike Lachitatu kapena Lachinai nthawi ya 11 koloko, kapena tsiku lina limene inu mungasankhe. Ntchitoyi ndikuifunitsitsa."

Taonani kuti chifukwa ndi chimodzi chokha, ndipo bwana angachitsimikize yekha. Kuonjezapo za mvula ndi za agogo odwala kumachititsa zoona kumveka ngati bodza.

Nthawi ya 11 koloko sitinaitchule mwangozi. Minibasi ya pa mseu wa Great East imaima paliponse kutola anthu, ndipo polowa mu Lusaka m'mawa magalimoto amathithikana. Wolonjeza 8 koloko akagone kwa abale m'tauni, chifukwa amene wasuntha tsiku kamodzi sapatsidwa mwai wakuchedwanso.