Kagudumu kakamangozungulira, musathamangire kufufuta apu

Mwalemba pasiwedi pa apu ya banki, mwadina Login, ndiye kagudumu kaja kangoti zungulire zungulire osaleka. Ambiri amathamangira kufufuta apuyo n'kuyiikanso. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa mabanki ena amafuna kuti mulembetsenso foniyo, mwina mpaka kukaima pamzere kunthambi, pomwe vuto silinali pamenepo.

Kagudumuko kamangotanthauza kuti foni yatumiza pempho ku seva, kompyuta yaikulu ya banki, ndipo ikudikira yankho. Funso n'lakuti yankholo latsakamira pati.

Yambani ndi netiweki. Musanyengedwe ndi timizere todzadza pakona paja: timangosonyeza kuti foni ikumvana ndi nsanja, osati kuti deta ikuyenda. Yang'anani chilembo chili pambali pake. Ngati ndi E, muli pa 2G, ndipo apu ya banki imavutika kwambiri pamenepo. Imafuna H+ kapena 4G. Yatsani Airplane mode kwa masekondi 10, muzimitse, kapena tulukani panja.

Koma msampha womwe umakola anthu ambiri kuno kwathu ndi bandulo. Munthu amati, "Deta ndili nayo, si uyu WhatsApp akuyenda?" Inde akuyenda, poti munagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo bandulo yotereyi siyinyamula pempho lopita ku banki. Tsegulani tsamba lililonse pa Chrome. Likakana, apu ilibe mlandu.

Tsamba likatseguka bwinobwino, pitani pa Play Store mufufuze dzina la apuyo. Mukapeza batani lolembedwa Update m'malo mwa Open, ndiye kuti yanu ndi yakale. Mafoni ambiri amadikira Wi-Fi kuti adzikonzere okha mapulogalamu, choncho foni yongodalira bandulo imatha miyezi ili ndi apu yomwe seva inasiya kuyiyankha. Dinani Update inu nokha.

Zonsezi zikakhala bwino, funsani mnzanu wa banki yomweyo, makamaka wogwiritsa ntchito netiweki ina. Naye kakamuzungulira, vuto lili ku seva, ndipo izi sizachilendo kumapeto kwa mwezi pamene aliyense akufuna kuona ngati malipiro alowa. Apa palibe chomwe mungakonze pafoni panu. Kudina mobwerezabwereza kumangowonjezera katundu pa seva yolemedwa kale. Yesani nambala ya banki ija yoyamba ndi * n'kuthera pa #, yomwe siyifuna deta, ngakhale nayonso imagwa ngati vuto lili mkati mwenimweni mwa banki. Ndipo wina akakuimbirani nthawi imeneyo kuti mumuuze PIN akukonzereni, dulani foni.

Opanga mapulogalamuwa nawonso atithandize. Apu imatha kudziwa ngati deta palibe, ngati yakalamba, kapena ngati seva yakhala chete. Pakadutsa masekondi 30 iziyimitsa kagudumuko n'kutiuza chomwe chavuta, m'Chichewa chomveka, kuti mayi amene waima pagolosale ndi katundu m'manja adziwe ngati adikire kapena abweze shuga pashelefu.