Musanalembe kalata yosiya ntchito, werengani miyezi ndi makasitomala

Ku Domasi sikusowa anthu olandira kutha kwa mwezi. Kuli koleji ya aphunzitsi, kuli Malawi Institute of Education, kuli malo ofufuzira za ulimi wa nsomba, ndiponso ambiri amalawirira pamsewu wa M3 kukagwira ntchito mu mzinda wa Zomba. Masiku ano nkhani ya ambiri mwa iwo ndi imodzi: malipiro akutha pa 15, pomwe mnzawo wa benchi pa Songani akuoneka kuti m'thumba mwake simuuma. Mmisiri wa magetsi, telala wosoka mayunifolomu ndi kalaliki wodziwa kusunga mabuku a ndalama onse amafika podzifunsa ngati si bwino kungosiya n'kumadzipezera okha ntchito.

Ganizoli si loipa. Chovuta n'chakuti ambiri amasiya tsiku lomwe akangana ndi bwana, kapena mwezi womwe ganyu imodzi yawapatsa ndalama yoposa malipiro. Zonsezi si zizindikiro zoti nthawi yakwana. Munthu ayenera kusiya ntchito pamene manambala awiri akwana: ndalama yodyetsa banja miyezi 6 popanda kulandira kanthu, ndi makasitomala atatu amene alipirapo kale kangapo. Chimodzi chikasowa, kalata idikire kaye m'thumba.

Mwachitsanzo, pakhale mmisiri wa magetsi wokhala ku Domasi, wolembedwa ntchito pa kampani ina ku Zomba, amene amatenga K280,000 akadula msonkho ndi penshoni. Manambalawa ndi ongoyerekeza, aliyense aikepo ake. Cholakwa choyamba chomwe ambiri amachita n'kuwerengera ndalama yosunga kuchokera pa malipiro. Kuwerengera koyenera kumachokera pa zimene nyumba imadya. Lendi ndi K50,000, chakudya K120,000, magetsi, madzi ndi makala K30,000, za sukulu K25,000, thiransipoti ndi mayunitsi K25,000. Zonse pamodzi ndi K250,000 pamwezi. Miyezi 6 ikufuna K1.5 miliyoni.

Ndalama imeneyi si mpamba. Makwerero, dirilo, mita yoyezera magetsi ndi mawaya zili ndi thumba lawolawo, ndipo n'kwanzeru kuzigula chimodzichimodzi malipiro akadalipo. Amene amasakaniza matumba awiriwa amadzazindikira mwezi wachitatu kuti zipangizo ali nazo koma ufa watha, kenako dirilo yomweyo ikukhala chikole kwa wakatapila.

Ena anganene kuti miyezi 6 yachuluka, itatu ingakwane. Kumalo komwe ndalama imayenda mofanana chaka chonse mwina ingakwanedi, koma m'chigwa cha Domasi ndalama imatsata nyengo. Mpunga ukakololedwa cha mu Meyi ndi Juni, zigayo zimalira usana ndi usiku, anthu amafolera nyumba ndi malata, amakokera magetsi ndi kugula sola. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndalama imapita ku feteleza, fizi ndi chimanga, ndipo palibe amene amaganiza zoika masoketi atsopano. Miyezi yowuma yokhayo ndi inayi. Powonjezera miyezi iwiri ya matenda, maliro kapena ngozi ngati namondwe wa Freddy amene anaimitsa malonda m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, nambala ya 6 siikhalanso yokokomeza.

Funso lotsatira ndi la kosungira. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi ndalama ya miyezi 6 pansi pa matiresi anangoona mitengo ikukwera, ndalama yake n'kusanduka ya miyezi yochepa. N'chifukwa chake ndalamayi ndi bwino kuigawa. Gawo lina lisanduke matumba a chimanga ogula nthawi yokolola mtengo uli pansi, othira mankhwala a anankafumbwe. Gawo lina lilipire lendi ya miyezi ingapo, eni nyumba alembe lisiti. Ndalama ya miyezi iwiri kapena itatu ikhale ku banki kapena pa Airtel Money ndi Mpamba, potengeka tsiku lililonse. Banki mkhonde imathandiza kusonkhanitsa, koma masheya amatuluka pa tsiku logawana basi, choncho ndalama ya mwadzidzidzi isakhale yonse kumeneko.

Tsono K1.5 miliyoni ichokera kuti? Mmisiri uja akalipira zonse amatsala ndi K30,000 pamwezi. Kudalira imeneyo yokha kungamutengere miyezi 50, zaka zoposa zinayi. Apa ndi pomwe nambala yachiwiri ikulowera, chifukwa ndalama yosungayo iyenera kuchokera kwa makasitomala omwewo amene adzamudyetse akadzasiya ntchito. Amayamba kuwatumikira Loweruka, Lamulungu ndi madzulo akaweruka.

Kasitomala woyenera kuwerengedwa ndi amene walipira katatu, pa mtengo wogwirizana, popanda kumulondola mpaka kunyumba. Malume amene ananena kuti adzamuitana akadzayamba kumanga sali m'gululi. Mnzake wa kutchalitchi kapena kumzikiti amene anayamikira ntchito n'kulonjeza kulipira mawa salinso m'gululi. Pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Makasitomala atatuwo asakhale a mtundu umodzi. Kwa mmisiri wa magetsi, woyamba angakhale mwini chigayo cha mpunga amene amafuna wina woyang'ana mota ndi sitata mwezi uliwonse, pa K60,000. Wachiwiri angakhale sukulu ya pulaiveti, pa K50,000. Wachitatu angakhale mwini mashopu a lendi pa Songani kapena ku Malosa, pa K40,000. Chigayo chimachita bwino nthawi yokolola, sukulu imakhala ndi ndalama teremu ikamatsegulidwa, pomwe mashopu amayenda pang'onopang'ono chaka chonse. Zigayo zitatu zikanakhala ngati kasitomala mmodzi, chifukwa mpunga ukavuta zonse zimazima limodzi.

Atatuwa akupereka K150,000. Kuchotsapo K30,000 ya kabaza, minibasi ndi tizipangizo, patsala K120,000, pafupifupi theka la zimene nyumba imadya. Kuphatikiza ndi K30,000 yotsala pa malipiro, mmisiri akusunga K150,000 pamwezi, ndipo K1.5 miliyoni ikukwana m'miyezi 10. Miyezi 10 imeneyo ndi mayeso ake. Ngati alephera kupeza anthu atatu omulipira ali ndi malipiro omuteteza, sadzawapeza ali ndi njala, chifukwa wanjala amavomera mtengo uliwonse.

Phindu la makasitomalawa limaoneka bwino tsiku losiya. Wosiya wopanda kasitomala amadya K250,000 pamwezi kuchokera m'thumba, ndipo pakutha miyezi 6 alibe kanthu. Amene ali ndi atatu aja amangoperewera K130,000 pamwezi, kotero ndalama yomweyo imamufikitsa miyezi 11. Ngakhale chigayo chitamusiya, kuperewera kumafika K190,000, ndipo amakhalabe ndi miyezi pafupifupi 8 yofunira wina. Masiku asanu a m'kati mwa sabata omwe ankapereka kwa bwana tsopano ndi ofunira ntchito zotseka mpatawo.

Mabungwe akuluakulu amakopa chifukwa ntchito zawo ndi za ndalama zambiri, koma asawerengedwe m'gulu la atatu oyamba. Bungwe limafuna invoisi, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, kawirikawirinso satifiketi yolembetsa bizinesi. Kwa wa magetsi pamafunikanso chilolezo cha MERA. Polipira, bungwe limadula msonkho wotsalira ku MRA, womwe pa ntchito zaluso ndi 20 peresenti kwa amene alibe kalata yomukhululukira. Ntchito ya K200,000 imafika m'manja ngati K160,000, ndiponso imadutsa m'maofesi angapo isanatuluke. Ndalama yodulidwayo siitayika, imadzawerengedwa pa msonkho wa pachaka ngati munthu wasunga chikalata chake, koma siingagule ndiwo sabata imeneyo. Mapepala onsewa akonzedwe malipiro asanathe.

Pali amene amatsutsa njirayi. Amati kutumikira mabwana awiri kumatopetsa, ndipo mwayi sudikira munthu miyezi 10. Kutopa kulipodi, Loweruka la pabanja limatha. Palinso malire oyenera kusamala: kontilakiti ya ntchito iwerengedwe bwino, chifukwa ena amaletsa kugwira ntchito yofanana kumbali. Kugwiritsa ntchito zipangizo za kampani kapena kulanda makasitomala a bwana ndi njira yachidule yochotsedwera ntchito ndalama isanakwane, ndipo ku Zomba mbiri yotere imafika pa Songani dzuwa lisanalowe. Koma za mwayi wosadikira, kasitomala amene sangapirire kuti ntchito yake igwiridwe Loweruka nthawi zambiri ndi wa ntchito imodzi yokha. Ntchito imodzi, kaya ikule bwanji, siilipira lendi ya chaka.

Kachokedwe nakonso kali ndi mtengo wake. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati wolandira pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, apo ayi alipire ndalama ya mweziwo. Wosiya mwa kufuna kwake salandira ndalama ya chipukuta misozi imene amalandira wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa, choncho asaiwerengere. Penshoni nayo siituluka tsiku losiya, ndipo 10 peresenti imene bwana ankamuikira mwezi uliwonse imathera pomwepo. Mitengo imene adzatchule kwa makasitomala iyenera kukumbukira zimenezi. Ngongole ya kubanki kapena ku SACCO imene inkadulidwa pa malipiro ithe kaye, chifukwa siisiya kufuna ndalama munthu akasiya ntchito.

Mwezi wosiyira usankhidwe ndi kalendala ya msika. Kwa wa ku Domasi, notisi yoperekedwa kumayambiriro kwa Epulo imamutulutsa mu Meyi, ndalama ya mpunga ndi chimanga ikuyamba kuyenda, ndipo amakhala ndi miyezi ingapo yabwino Disembala asanafike. Wosiya mu Disembala, atakopeka ndi ntchito za Khirisimasi, amakumana ndi fizi ya Januwale ndi mtengo wa chimanga wa Febuluwale asanaime n'komwe.

Chomaliza n'kugwirizana ndi a kunyumba za pobwerera. Mmisiri uja ndi mkazi wake alembe m'kope kuti ndalama yosunga ikadzatsika kufika K500,000, ya miyezi iwiri, makasitomala asanakwanitse kudyetsa nyumba, adzayambanso kufunsira ntchito. Si manyazi. Amene anachoka bwino, notisi atapereka ndi zipangizo atabweza, amatha kubwerera, ndipo nthawi zina bwana wakaleyo ndiye amasanduka kasitomala wachinayi ntchito zikamuchulukira.

Zonsezi zikugwiranso kwa telala, wokonza mafoni ndi wosunga mabuku a ndalama. Mayina a makasitomala ndi manambala ndiwo amasintha. Amene akuganiza zosiya atenge kope usiku uno, alembe zimene nyumba yake imadya pamwezi, achulukitse ka 6, kenako alembe pansi pake mayina a anthu amene amulipira katatu. Mayina akapanda kufika atatu, Lolemba alawirire kuntchito.