Uthenga wa Novembala usowa pa nthawi yokolola

Tiyerekeze bungwe laling'ono la zaulimi lomwe ofesi yake ili ku Liwonde, alangizi ake ali ku Ntaja ndi ku Ulongwe, ndipo onse amakambirana za ntchito pa Slack yaulere. Pa 20 Novembala mlangizi watumiza chithunzi cha mndandanda wa alimi omwe alandira mbewu. Mu Epulo, chimanga chitacha, owerengera ndalama akufuna umboniwo, koma ausaka osaupeza. Palibe amene waufufuta. Kuyambira pa 1 Sepitembala 2022, Slack yaulere imangoonetsa mauthenga ndi mafayilo a masiku 90 apitawo, choncho mndandandawo unabisika cha pa 18 Febuluwale. Bungwe likayamba kulipira, zobisikazo zimaonekanso. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kuyambira pa 26 Ogasiti 2024 kampaniyi imafufutiratu zonse za pa Slack yaulere zimene zapyola chaka, ndipo zikatero ngakhale ndalama sizingazibweze. Masiku 90 ndi ochepa kuno, kumene nyengo imodzi ya ulimi imatenga miyezi isanu. Oyendetsa mabungwe ku Machinga ndi ku Balaka azikopera mindandanda, malisiti ndi zomwe agwirizana m'kompyuta ya ku ofesi mwezi uliwonse ukamatha.