ZA CHUMA CHA PABANJA: Tebulo la Ngongole, Lolekanitsa Thunthu ndi Chiwongoladzanja

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za mlandu wina umene unatipeza kuno ku Bolero, dera la Chikulamayembe, m'boma la Rumphi. Unali mlandu wa ndalama, ndipo ukadaphwasula gulu la banki mkhonde la anthu okhalirana bwino, pakadapanda pepala limodzi lolembedwa mizere.

Mayi wina wamasiye, mlimi wa fodya, anakongola K100,000 ku gulu lake kuchiyambi kwa Epulo, kuti agule ziguduli ndi kulipira anthu omthandiza kusankha ndi kudinda fodya. Anapangana kuti chiwongoladzanja chikhale 5 pa 100 pa mwezi, chowerengedwa pa ngongole yotsala, ndi kuti abweze m'miyezi inayi, ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, ndiyo K28,201. Mayiyo anabweza kawiri ndi ndalama ya malonda ake a pamsika. Tsono kumapeto a Meyi, fodya wake atagulidwa ku Mzuzu, tsiku lomwelo la kubweza kwachiwiri, iye anati: "Ndifuna kutsiriza ngongole yonse lero." Mlembi anayankha kuti: "Mwatsala ndi miyezi iwiri, amayi; perekani K56,402." Mayiyo anakana, nati ndalamayo yachuluka, koma sanathe kunena chifukwa chake. Ena anayamba kumunena kuti ndi wotomera, enanso anati mlembi ndi wakuba. Onse awiri anali anthu oona mtima. Chimene chinasowa ndicho tebulo.

Tiyambe ndi mawu awiri. Ndalama imene munthu walandira m'manja pokongola tiitcha thunthu la ngongole. Chiwongoladzanja ndicho malipiro a kusunga ndalama ya eni ake, monga munthu alipira pobwereka ngolo ya mnzake: akaisunga masiku ambiri alipira zambiri, akaibweza msanga alipira zochepa. Chotero ndalama iliyonse imene mubweza pa mwezi ili ndi zigawo ziwiri zobisika m'kati mwake. Chigawo china chilipira chiwongoladzanja cha mwezi umenewo, ndipo chimenechi sichichepetsa ngongole ngakhale pang'ono. Chigawo chotsalacho ndicho chimene chidula thunthu. Ntchito ya tebulo ndiyo kuonetsa poyera zigawo ziwirizi.

Kalembedwe kake nkotere. Tengani pepala la m'kope, mulembe mizere yotsika kuti pakhale madanga asanu ndi limodzi: mwezi, ngongole poyamba mwezi, chobweza, chiwongoladzanja, chodula thunthu, ndi ngongole yotsala. Mwezi uliwonse ukhale ndi mzere wake wopingasa. Pa mzere uliwonse muchita zinthu zitatu zokha, ndipo muzichita motsatana, osadumphitsa.

Choyamba, pezani chiwongoladzanja. Mwezi wa Epulo mayiyo anasunga K100,000 yonse, ndipo 5 pa 100 ya ndalamayi ndi K5,000. Chachiwiri, chotsani chiwongoladzanjacho pa chobweza: K28,201 kuchotsapo K5,000 itsala K23,201, ndiyo yodula thunthu. Chachitatu, chotsani K23,201 pa K100,000, ndipo ngongole yotsala ikhala K76,799. Nambala yotsirizayi muitsitse, ikhale yoyamba pa mzere wa Meyi, ndi kubwerezanso zitatu zomwezo. Pa Meyi, 5 pa 100 muiwerengere pa K76,799, osatinso pa K100,000 ayi, pakuti K23,201 ija inabwerera kale m'bokosi la gulu. Taonani tsono tebulo lonse:

| Mwezi | Poyamba | Chobweza | Chiwongoladzanja | Chodula thunthu | Yotsala |
|---|---|---|---|---|---|
| Epulo | 100,000 | 28,201 | 5,000 | 23,201 | 76,799 |
| Meyi | 76,799 | 28,201 | 3,840 | 24,361 | 52,438 |
| Juni | 52,438 | 28,201 | 2,622 | 25,579 | 26,859 |
| Julayi | 26,859 | 28,202 | 1,343 | 26,859 | 0 |

Yang'anitsitsani madanga awiri a pakatiwo. Chiwongoladzanja chinka chichepa, kuchokera pa K5,000 kufikira K1,343, pamene chodula thunthu chinka chikula. Chobweza sichisintha, koma za m'kati mwake zisintha mwezi ndi mwezi. Ichi ndicho chifukwa chake anthu okongola ngongole ya zaka zingapo ku banki amadabwa poona kuti atalipira chaka chathunthu ngongole yatsika pang'ono chabe: poyamba thunthu likali lalikulu, ndipo chiwongoladzanja chimadya gawo lalikulu la chobweza. Onaninso kuti chobweza cha Julayi chaposa zinzake ndi K1. Sikulakwa kumeneko ayi. Ndi matambala amene tinataya powerenga makwacha athunthu okha, ndipo amasonkhana pa mzere wotsiriza.

Tsono mlandu wa mayi uja watha wokha. Iye atabweza kachiwiri, ngongole yake inali K52,438, monga danga lotsiriza la Meyi lionetsa. Mlembi anaphatikiza zobweza ziwiri zotsala, osazindikira kuti m'kati mwa zimenezo munali K2,622 ya Juni ndi K1,343 ya Julayi, ndizo chiwongoladzanja cha miyezi imene mayiyo sakadasunganso ndalama ya gulu. Akadalipira ndalama yoyandikira K4,000 pa ngolo imene anabweza kale. Mlembi ataona tebulo anavomera pamaso pa onse, ndipo mayiyo anapereka K52,438, dzina lake nilifafanizidwa m'buku. Koma dziwani ichi: akadachedwa kufikira kumapeto a Juni, akadayenera kupereka K55,060, pakuti chiwongoladzanja cha Juni chikadalowapo. Dziwaninso kuti obwereketsa ena amalemba m'pangano chindapusa cha wobweza nthawi isanakwane. Funsani zimenezi musanasayine.

Wina adzafunsa kuti: nanga K28,201 ija inachokera kuti? Ku banki ndi ku SACCO makina ndiwo amaiwerenga, koma ndi pensulo itheka ndithu. Yambani mwafunsa kuti ngongole ikadafika pati munthu akadapanda kubweza kanthu miyezi yonse inayi. Onjezani 5 pa 100 kanayi: K105,000, K110,250, K115,763, K121,551. Pambuyo pake yesani munthu wobweza K10,000 pa mwezi. K10,000 ya Epulo iletsa chiwongoladzanja cha miyezi itatu yotsatira, chotero pofika kumapeto mphamvu yake ilingana ndi K11,576. Ya Meyi ilingana ndi K11,025, ya Juni K10,500, ndipo ya Julayi ikhala K10,000 yomweyo. Zonse pamodzi ndi K43,101. Gawani K121,551 ndi K43,101, ndipo mupeza 2.8201; ndiko kuti chobweza chiyenera kukhala K10,000 kuchulukitsa ndi 2.8201, ndiyo K28,201.

Gulu limene liona njira imeneyi kukhala yolemetsa lingathe kutsata ina yapafupi. Ligawe thunthu mofanana, K25,000 mwezi uliwonse, ndi kuonjezapo chiwongoladzanja cha ngongole yotsala. Pamenepo chobweza chikhala K30,000, K28,750, K27,500 ndi K26,250. Madanga ndi omwewo. Kusiyana kwake nkwakuti mwezi woyamba ndiwo wolemera koposa.

Tsopano tifike pa msampha waukulu. Pali kawerengedwe kena kamene wobwereketsa awerengera 5 pa 100 pa K100,000 yonse miyezi yonse inayi, ngakhale munthu alikubweza. Pamenepo chiwongoladzanja ndi K5,000 kanayi, ndiyo K20,000, ndipo chobweza ndi K30,000 mwezi uliwonse. Pa tebulo lathu chiwongoladzanja chonse ndi K12,805. Pakamwa onse awiri anena "5 pa 100," koma kusiyana kwake ndi K7,195. Mwezi wotsiriza munthu wotere wasunga K25,000 yokha ya eni ake, koma alipirabe K5,000 monga ngati asunga yonse. Tikawerenga moona pa ngongole yotsala, chiwongoladzanja chake chiposa 7 ndi theka pa 100 pa mwezi. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chizindikiro chake nchosavuta: danga la chiwongoladzanja likakhala ndi nambala imodzimodzi kuyambira pamwamba kufikira pansi, dziwani kuti akuwerengerani pa thunthu loyamba. Sitinena kuti gulu lochita chotero lilakwa ngati onse anapangana akudziwa, pakuti m'banki mkhonde phindu libwerera kwa eni ake pogawana. Koma kwa wobwereketsa wakunja ndalamayo ipita osabwerera, ndipo funso loyamba likhale ili: "Kodi muwerengera pa yotsala, kapena pa yonse?"

Funso lachiwiri likhale lakuti: "Kodi nambalayi ndi ya pa mwezi kapena ya pa chaka?" Mabanki amatchula kawirikawiri ya pa chaka, ndipo polemba tebulo la mwezi ndi mwezi amaigawa ndi 12. Chotero 60 pa 100 pa chaka ndiyo 5 pa 100 pa mwezi. Munthu womva "5" kwa wina ndi "36" kwa wina angathamangire 5, osadziwa kuti 36 ya pa chaka ndi 3 yokha pa mwezi.

Nanga munthu akalephera kubweza mwezi wina? Tebulo lakale lafa pamenepo, ndipo liyenera kulembedwanso kuyambira mzere umenewo. Mayi uja akadalephera mwezi wa Meyi, K3,840 ikadakhala yosalipidwa. Ngati pangano linena kuti chosalipidwa chiphatikizidwe ku thunthu, ngongole ikhala K80,639, ndipo chiwongoladzanja cha Juni chikhala K4,032 m'malo mwa K2,622. Apa ndipo pamene chiwongoladzanja chiyamba kubala chinzake, ndipo ngongole ya katapila imakula ndi njira yomweyi. Momwemonso munthu wopereka ndalama yosaposa chiwongoladzanja cha mweziwo sadula thunthu konse, angakhale alipire zaka khumi.

Potsiriza, tebulo lililonse liyesedwe ndi miyeso itatu lisanasayinidwe. Ngongole yotsala pa mzere wotsiriza ikhale 0. Danga la chodula thunthu likaphatikizidwa lipereke ndalama imene munalandira: 23,201 ndi 24,361 ndi 25,579 ndi 26,859 zikwana K100,000 ndendende. Ndipo zobweza zonse, K112,805, kuchotsapo thunthu, zilingane ndi danga la chiwongoladzanja, K12,805. Umodzi wa miyeso imeneyi ukakanika, bwererani pa mzere woyamba. Kawirikawiri mudzapeza kuti nambala inatsitsidwa molakwa kuchokera pa mzere wina kunka pa unzake. Ngati obwereketsa anadula ndalama ya fomu kapena ya inshuwalansi musanalandire, ilembeni pansi pa tebulo, pakuti imeneyonso ndi mtengo wa ngongole.

Matebulo akhale awiri, lina m'buku la mlembi, lina kunyumba kwa wokongola, ndipo bambo ndi mayi onse awiri adziwe pamene lili. Madzulo ano patsani mwana wa sukulu K60,000 ya pa pepala, pa 5 pa 100, miyezi itatu, alembe tebulo lake. Akapeza chobweza cha K22,033 kapena pafupi pomwepo, ndi 0 pa mzere wotsiriza, nyumba yanu yapeza mlembi. Mwezi wamawa tidzakamba za kagawidwe ka phindu la gulu pakutha pa chaka. Tsalani bwino.