Mboni yathu isamve kwa ena

Mnyamata wa kwa Mlolo akafunsira ntchito ya ukalaliki ku Chipata, amalemba maina a akulu awiri kapena atatu omchitira umboni, monga ahedi amene anamphunzitsa. Olemba ntchito akawaimbira lamya ahediwo, tidziwe kuti pempho lafika patali, pakuti kawirikawiri amafunsa za okhawo amene awapatula kale.

Ambiri a ife timadikira ntchito ipezeke ndiye tikathokoze. Kumeneko ndi kuchedwa. Ahedi anaika dzina lao pachikole tsiku limene anayankha, choncho zikomo wathu awapeze asanathe masiku awiri. Mau ochepa akwanira:

“Aphunzitsi, ndamva kuti anakuimbirani Lolemba za ntchito ya ukalaliki ija. Zikomo pondichitira umboni. Mafunso a pamaso ndinachita pa 4, ndipo akuti yankho lituluka kutha kwa mwezi. Ndidzakuuzani.”

Taonani kuti kalatayi yatchula ntchito, pamene nkhani yafika, ndi tsiku la yankho. Ahedi amachitira umboni ana ambiri, ndipo akaimbiridwanso ayenera kudziwa kuti ndi nkhani iti. Tisawapanikize kuti aulule zimene ananena. Zimenezo n'zapakati pa iwo ndi olemba ntchito.

Mwezi ukatha kuli zii, tiwauze kuti tikali kudikira. Tikakanidwa tisabisale, koma tinene, ndi kupempha chilolezo tisanalembenso dzina lao pena. Tikalembedwa, amve kwa ife, osati pamsika wa ku Chadiza. Ukakwera pamsana pa njovu, usamati pansi palibe mame.